Chimera chikhoza kukulankhulira pa tsiku la sayansi

Wophunzira akapatsidwa mphindi zitatu pa tsiku la sayansi kuti akope anzake kuti kuphika ndi kemisitiri, kawirikawiri amafuna kutchula chilichonse cha kukhitchini: mazira, soda, mchere, mafuta. Anzake amangomva mayina, belu n'kulira asanakhutire. Langizo langa n'lakuti asankhe chinthu chimodzi chimene aliyense m'kalasimo anamwapo, ndipo palibe choposa thobwa.

Ayambe ndi funso. "Anzanga, amayi akamaphika thobwa amayamba ndi phala lolimba, losatsekemera. Akathiramo chimera, phala lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chonsecho sanawonjezeremo madzi kapena shuga. Shuga ameneyo wachokera kuti?" Akafunsa choncho akhale kaye chete pang'ono, anzake aganize.

Yankho lili mu ufa. Gawo lalikulu la ufa wa chimanga ndi sitachi, ndipo sitachi ndi tizidutswa ta shuga tolumikizana m'mizere italiitali ngati mikanda pa ulusi. Mizere imeneyi ikakhala yaitali lilime silimva kutsekemera. Ufa ukatentha m'madzi kupitirira madigiri 60 mpaka 70, timibulu ta sitachi timamwa madzi n'kufufuma, n'chifukwa chake phala limalimba.

Nanga chimera chimabweretsa chiyani? Mawere, mapira kapena chimanga akaziviika n'kuzifunditsa kuti zimere, mbewuyo imapanga mankhwala akeake otchedwa amilezi, omwe ali m'gulu la maenzaimu. Ntchito yawo n'kudula sitachi kuti kamera kapeze chakudya kasanatulutse masamba. Mayi akayanika chimeracho n'kuchipera, amilezi safa, amangodikira. Akalowa m'phala lofunda amayamba kudula mizere ija kukhala tizidutswa tifupitifupi, makamaka shuga wotchedwa malitozi. Tizidutswa tifupi sitingagwire madzi ngati kale, choncho phala limasungunuka, kwinaku likutsekemera.

Apa ndi pamene wolankhula ayenera kutsindika, chifukwa sipalephera mnzake wina wonena kuti kuphika n'kutenthetsa chabe. Amuyankhe kuti madzi akawira n'kukhala nthunzi amakhalabe madzi, koma m'thobwa chinthu china chasanduka china: munali sitachi, tsopano muli shuga, ndipo ngakhale mutaziziritsa motani sitachi uja sabwerera. Kusintha kotere ndiko kemisitiri imaphunzitsa.

Umboni wina ndi wa thobwa lolephereka. Odziwa kuphika amayamba aphula phala, n'kudikira lizizire pang'ono asanathire chimera. Amilezi amagwira bwino ntchito phala likakhala pa madigiri pafupifupi 60 mpaka 70, koma likapitirira 80 amawonongeka msanga. Wothira chimera m'phala lobwadamuka amapeza phala lili gwa, kutsekemera kulibe, kenaka amayamba kudandaula kuti anagula chimera choipa. Likazizira kwambiri amilezi amagwira ntchito mwaulesi. Agogo athu ankayesa ndi dzanja, popanda chida choyezera, ndipo ankalondola. Zimandiwawa kuti ana ambiri amaloweza za maenzaimu kuti akhoze mayeso, osauzidwa kuti nzeru yomweyo ili pa mafuwa kwawo.

Mawu okha sakwana, choncho abwere ndi makapu awiri a phala lofunda, lofanana kulimba. M'kapu imodzi athire supuni yodzaza ya chimera n'kutakasa, inayo aisiye. Izi achite patatsala theka la ola kuti alankhule, chifukwa amilezi sathamanga ngati soda ndi mandimu. Pamaso pa anzake apendeke makapuwo: lina lidzayenda, lina lidzakakamira. Kenaka atape pang'ono m'kapu iliyonse, asungunule ndi madzi pa mbale yoyera, n'kudonthetsera ayodini wa ku labotale. Phala lopanda chimera lidzada bii mobiriwira, chizindikiro cha sitachi. Linalo lidzaonetsa mtundu wofooka, wofiirira. Asalonjeze kuti kuda kudzatheratu, popeza chimeracho chili ndi sitachi wakewake ndipo theka la ola silokwanira kudula yense. Chothiridwa ayodini asalawitse munthu.

Ngati nthawi yatsalako, anene kuti malovu athu alinso ndi amilezi, n'chifukwa chake nsima ukaitafuna nthawi yaitali wopanda ndiwo imayamba kutsekemera. Anenenso kuti thobwa likakhalitsa masiku, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga uja: mabakiteriya amalisasitsa, yisiti amapanga mowa. Kuwiritsanso thobwa kumapha tizilomboti, ndipo limakhalitsa lisanasase.

Pomaliza asanyengerere anzake kuti amukhulupirire. Awauze kuti akafika kunyumba akapemphe chimera, akathire china m'phala lowira, china m'phala lofunda, ndipo mawa adzamuuze kapu imene yatsekemera.