Mabanki aakulu a mayiko ndi mtengo wa golide

Kuyambira mu 2010, mabanki aakulu a mayiko akhala akugula golide wochuluka kuposa amene amagulitsa. Mu 2022 adagula matani opitirira 1,000, pomwe migodi yonse padziko imatulutsa matani pafupifupi 3,600 pachaka.

Golide wotereyu akalowa m'nkhokwe za banki, monga ya Poland kapena China, amakhalamo zaka zambiri, motero wotsala pamsika amachepa. Mtengo ukatsika, ena mwa mabankiwa amaonjezera kugula, zomwe zimautchinjiriza kuti usagwe kwambiri.

Komatu chitetezochi chili ndi malire. Mu 2013 mabanki ankagulabe, koma amalonda ataya golide wawo mwaunyinji, mtengo udatsika ndi 28 peresenti.