Dikoda Yanu Ikhoza Kukukumbutsani Nthawi ya Mpira

M'nyumba zambiri batani lomwe limatha msanga pa rimoti ndi losinthira matchanelo ndi lokwezera mawu. Pali lina lomwe limakhala latsopano mpaka rimoti kuwonongeka, lolembedwa kuti TV GUIDE. Batani limeneli ndi lomwe limatsegula ndandanda wa mapulogalamu, ndipo mu ndandandamo mukhoza kuuza dikoda kuti ikukumbutseni mpira kapena sewero lanu likamayamba. Salipiritsa ndalama yapadera, komanso sipafunika intaneti, chifukwa ndandandawo umabwera limodzi ndi chithunzi kudzera pa dishi kapena pa eriyo.

Mukadina batanilo, pa sikirini pamabwera matchanelo ndi mapulogalamu ake, iliyonse ndi nthawi yake. Mabatani a mivi ozungulira OK ndi omwe mumayendera: mmwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Pa madikoda ambiri a DStv ndandandawu umafika pafupifupi sabata yathunthu kutsogolo, kotero Lolemba mukhoza kuona kale za Loweruka. Madikoda ena amaonetsa masiku ochepa, koma kagwiritsidwe kake nkofanana.

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Novembala, ndipo timu yanu ya ku Mangalande ikusewera Loweruka. Tsegulani ndandanda, pitani pa tchanelo chomwe chimaonetsa ligiyo, ndipo yendani mpaka tsiku la Loweruka. Mukapeza mayina a matimu awiriwo, musathamangire kudina OK. Yambani mwadina batani la i, lomwe limabweretsa tsatanetsatane wa pulogalamuyo, ndipo fufuzani mawu akuti Live. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Mpira umodzi umalembedwa kangapo mu ndandanda: nthawi yomwe ukuseweredwa, kenako kubwereza usiku, kenako zigoli zokha mawa lake. Mayina a matimu amakhala omwewo ponseponse. Mukaika chikumbutso pa wobwereza, dikoda idzakuitanani mokhulupirika kudzaonera mpira womwe anzanu adakuuzani kale zotsatira zake. Masewero nawonso ndi chimodzimodzi: gawo lomwe laonetsedwa madzulo limabwerezedwa masana a tsiku lotsatira, ndiye onani nambala ya gawo mu tsatanetsatanemo.

Mukatsimikiza kuti ndi womwewo, dinani OK. Pamabwera zoti musankhe, ndipo pakati pake pamakhala mawu akuti Reminder kapena ofanana nawo, malinga ndi mtundu wa dikoda. Sankhani pamenepo. Kachizindikiro kamaoneka pambali pa dzina la pulogalamu, kusonyeza kuti chikumbutso chalowa. Ngati kachizindikiroko sikakuoneka, bwerezaninso, musangoganiza kuti zatheka.

Madikoda ena amakupatsani njira ziwiri. Yoyamba imangotulutsa uthenga pa sikirini nthawi ikayandikira, inu n'kusankha kupita ku tchanelocho kapena kupitiriza zomwe mukuonera. Yachiwiri, yomwe imalembedwa kuti Auto-tune, imasintha yokha tchanelo nthawi ikakwana. Ine ndimalimbikitsa yoyambayo m'nyumba ya anthu ambiri. Kanema ndi mmodzi, oonera ndi banja lonse, ndipo si bwino kuti agogo ali pakati pa ulaliki kapena ana ali pa makatuni, chithunzi chingosanduka bwalo la mpira popanda wopempha. Uthenga umapereka mpata woti mukambirane. Koma kwa amene ali ndi malo oonetsera mpira, kapena amene amakhala yekha n'kumatanganidwa ndi kuphika kanema ali chiyatsire, yosintha yokha ndi yothandiza kwambiri.

Tsopano nkhani ya nthawi, yomwe kwa ine ndi chifukwa chachikulu chodalirira ndandanda m'malo modalira kukumbukira. Mpira wa ku Mangalande woyamba 3 koloko masana kumeneko, kuno timauonera 4 koloko mu Seputembala. Koma Lamulungu lomaliza la Okutobala, iwo amabweza mawotchi awo ndi ola limodzi, pomwe ife sitisintha. Kuyambira pamenepo mpira womwewo wa 3 koloko umayamba 5 koloko kuno, mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi pomwe amasinthanso. Mipira ya usiku ya mpikisano waukulu wa makalabu a ku Ulaya nayo imachoka pa 9 koloko kupita pa 10 koloko. Ndiye mpira wathu wa mu Novembala uja, mu ndandanda mudzaupeza cha m'ma 17:00, osati 16:00 momwe munazolowerera kumayambiriro kwa ligi. Dikoda imawerengera kale zonsezi, inu simufunika kuwonkhetsa kapena kuchotsera.

Pali chinthu chimodzi choti muonetsetse kuti zimenezi ziyende: wotchi ya dikodayo. Yerekezani nthawi yomwe ikuoneka mu ndandanda ndi ya pa foni yanu. Zikasiyana ndi ola lathunthu, ndiye kuti dikoda idatcheredwa pa nthawi ya dera lina. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa tonse tili pa nthawi imodzi, yomwe pa zotsatsa za pa kanema imalembedwa kuti CAT. Mukaona EAT, imeneyo ndi ya ku Tanzania ndi Kenya, yomwe ili patsogolo ndi ola limodzi. WAT ndi ya ku Nigeria, yotsalira ndi ola limodzi.

Musadabwenso chikumbutso chikabwera osewera asanalowe m'bwalo. Nthawi yolembedwa mu ndandanda ndi yoyambira pulogalamu, ndipo nthawi zambiri pulogalamu ya mpira imayamba ndi akatswiri kukambirana mu situdiyo. Nthawi zina zokambiranazo zimalembedwa pazokha, mpira pawokha. Werengani bwino kuti mudziwe chomwe mwasankha.

Chikumbutso chili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Sichilira ngati alamu ya pa foni. Chimangooneka pa sikirini. Mukazimitsa dikoda pa soketi, kapena kanema akakhala pa mbali ina monga yoonera mafilimu a pa fulashi, simudzaona kanthu. Magetsi akazima n'kuyakanso, dikoda imatenga kanthawi kuti idzaze ndandanda, ndiye ipatseni mphindi zingapo, kenako onani ngati kachizindikiro kaja kakadalipo. Chikumbutso sichijambulanso pulogalamu. Kujambula ndi ntchito ya madikoda okhala ndi mosungira, monga Explora.

Vuto lina ndi la phukusi. Ndandanda ukhoza kuonetsa tchanelo chomwe simudalipire, ndipo nthawi ikakwana mudzangokumana ndi uthenga wa E16 m'malo mwa mpira. Njira yodziwira ndi yapafupi: musanaike chikumbutso, tsegulani tchanelocho muone ngati chithunzi chikutuluka. Onaninso tsiku lomwe ndalama yanu ya mwezi ikuthera, makamaka ngati mpirawo uli kumapeto kwa mwezi.

Pomaliza, mipira imasunthidwa. Ya Loweruka ina imapita Lamulungu, ina imasamukira pa tchanelo china chifukwa matimu ambiri akusewera nthawi imodzi. Chikumbutso chomwe mudaika Lolemba chidatengera ndandanda wa Lolemba. Choncho Loweruka m'mawa, musanapite kumsika kapena ku ukwati, dinani TV GUIDE, pezani mpira wanu, ndipo onani zinthu zitatu: mawu akuti Live, nthawi, ndi kachizindikiro ka chikumbutso. Ngati china chasintha, fufutani chakalecho ndi kuika chatsopano.