Chaka chatsekedwa, koma odita sanasaine

Makampani ambiri amatseka mabuku a ndalama pa 31 Disembala, koma odita, katswiri wochokera kunja amene amadzafufuza mabukuwo, amasaina lipoti lake mwina m'Malichi. Pakati apa zinthu zimachitika ndithu. Lamulo la maakawuntanti lotchedwa IAS 10 limafunsa chinthu chimodzi: kodi vutoli linalipo kale patsiku lotseka chaka, kapena labadwa pambuyo pake?

Tiyerekeze kampani yogulitsa katundu wapikupiku ku Limbe. Pa 31 Disembala 2022 mabuku ake akusonyeza kuti wamalonda wina ali nayo ngongole ya K80 miliyoni. M'Febuluwale khoti lalengeza kuti bizinesi ya munthuyo yagwa, ndipo zikuoneka kuti angongole adzangotolako kotala la ndalama zawo. Bizinesi siigwa tsiku limodzi. Munthuyu anali atayamba kale kutitimira chaka chisanathe, khoti langotsimikiza. Choncho kampaniyo iyenera kubwerera m'mabuku a 2022, kuchotsa K60 miliyoni pa ngongoleyo, phindu nalo litsike ndi ndalama yomweyo. Apa ndi pamene mabwana amalimbalimba, poti phindu likatsika bonasi nayo imatsika, ndipo ine ndimati odita amene wagonja pamenepa walakwira eni masheya.

Tsono tinene kuti m'Malichi 2023 namondwe wa Freddy wagwetsa nyumba yosungiramo katundu ya kampani yomweyo. Pa 31 Disembala nyumbayo inali chilili, katundu ali bwinobwino, ndiye manambala a 2022 sasinthidwa. Koma ngati chiwonongekocho n'chachikulu, kampani iyenera kulemba m'mawu ofotokozera a kumapeto zimene zachitika ndi ndalama imene ikuganiza kuti yatayika. Pokhapokha ngati tsokalo lafika poti kampani singapitirirenso, m'pamene mabuku onse amakonzedwa mwatsopano, mosaonanso kampaniyo ngati yopitirira.

Odita sadikira kuuzidwa. Lamulo lake, ISA 560, limamutuma kufufuza mpaka tsiku losaina. Amawerenga zimene akuluakulu a bodi anakambirana chaka chitatha, amafunsa maloya za milandu, ndipo amaona masitetimenti a kubanki a Januwale ndi Febuluwale. Kasitomala amene ankalipira mwezi ndi mwezi akangoti zii, odita amatchera khutu. Katundu amene analembedwa pa K5,000 akagulitsidwa m'Januwale pa K3,000, n'chizindikiro choti mtengo wa m'mabuku unali wokwera kale. Pomaliza mabwana amasainira kalata yotsimikiza kuti aulula zonse.

Akasaina, udindo wosakasaka umatha. Komabe akamva nkhani yaikulu mabuku asanatulutsidwe, nkhani yoti akanaidziwa akanalemba lipoti lina, amabwerera kwa mabwana. Iwo akakonza mabuku, iye amafufuzanso n'kupereka lipoti latsopano. Akakana lipoti lili kale m'manja mwawo, amawachenjeza kuti asawatulutse, ndipo akawatulutsabe amachitapo kanthu kuti anthu asadalire lipoti lakelo.