Nthabwala pa bini: momwe mawu oseketsa angachepetsere zinyalala pamzere wanu

Pafupifupi msika uliwonse wa m'tauni uli ndi khoma lolembedwa kuti "Osataya zinyalala pano, mwa lamulo". Mukayang'ana pansi pa mawuwo mupeza mulu wa makoko, majumbo ndi tomato woola. Anthu anawazolowera mawuwa ngati mmene tinazolowerera phokoso la oitanira maminibasi, moti diso limangodutsa. N'chifukwa chake sabata ino tasiya kaye za mitengo kuti tikambe njira ina imene komiti ya msika, ngakhale mzere umodzi wokha wa ogulitsa, ingayese ndi ndalama zochepa: kulemba mawu oseketsa m'malo mwa mawu oopseza.

Nkhaniyi ndi ya ndalama ndithu. Mayi wodzagula ndiwo akaona ntchentche zikuchoka pamulu wa zoola n'kudzatera pa usipa wanu, sakuuzani kanthu, amangopita pa benchi ina. Majumbo ndi zitsononkho zikatseka ngalande, mvula yoyamba imalowetsa madzi m'misika ndipo matumba a ufa ndi mchere amanyowa. Ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika, ndipo amene amadalira geni ya mandasi ndi chipisi anakhala masiku osagwira ndalama.

Njira yoseketsayi inatchuka ku London m'chaka cha 2015. Bungwe lotchedwa Hubbub linkalimbana ndi anthu otaya zotsalira za ndudu mumsewu wa Villiers, womwe umadzaza ndi anthu oyenda pansi. Linaika kabokosi ka zipinda ziwiri kokhala ndi galasi kutsogolo, ndipo pamwamba linalembapo funso loti katswiri wa mpira padziko lonse ndani, Ronaldo kapena Messi. Wosuta ankaponya chotsalira cha ndudu yake mbali imene akuikonda, ngati akuvota, ndipo aliyense ankaona mbali imene ikutsogola. Palibe anamulalikira za ukhondo. Anangomupatsa chifukwa choyendera mapazi awiri atatu kukafika pa bini.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nthabwala ili ndi ntchito imodzi yokha, yoimitsa munthu pa kamphindi kamene dzanja lake likufuna kutaya chinthu. Kamphindiko kakafika, bini iyenera kukhala pomwepo. Mukalemba mawu okoma pachipata cha msika pamene bini ili kuseri kwa zimbudzi, anthu aseka, ena ajambula ndi foni, kenako ataya pansi monga kale.

Tiyerekeze mzere wa mabenchi khumi ndi awiri, a tomato, kabichi ndi nthochi, ndipo kumapeto kwake kuli mnyamata wootcha chimanga ndi wina wodula nzimbe. Musanagule penti, khalani masiku awiri mukungoyang'ana kumene zinyalala zikugwera. Mudzaona kuti za ogula sizigwera pa benchi pomwe agulira. Munthu amagula chimanga, amayenda akukukuta, ndipo chitsononkho chimagwa pamene wamaliza, mwina pakona potulukira kapena pamene amadikirira kabaza. Bini ndi mawu ake ziikidwe pamenepo. Zinyalala za ogulitsa eni ake, monga masamba a kabichi ndi tomato wophwanyika, n'zosiyana. Izi sizifuna nthabwala, zimafuna thumba pansi pa benchi iliyonse ndi pangano la mzere wonse. Ndipotu oweta nkhumba ndi opanga manyowa amazifuna, bola musasakanizemo majumbo ndi magalasi.

Tsono mawu ake akhale otani? Akhale aafupi, osapitirira mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, oti munthu wasenza dengu awerenge osaima. Ndipo anene za chinthu chenicheni chimene chimatayidwa pamalopo. Pafupi ndi a nthochi mungalembe kuti "Khoko la nthochi silidziwa bwana". Aliyense anaonapo munthu wovala bwino ataterereka, ndiye safunika kumufotokozera. Pa nsomba, "Ntchentche sizidula tikiti ya msika, musaziitane". Awa ogulitsa amawamva msanga chifukwa tikiti amaidula tsiku lililonse, kaya malonda ayenda kaya sanayende. Potulukira pamene pamagwa mapepala apulasitiki, "Jumbo si mbewu, siimera". Pa bini yeniyeniyo mungailankhulitse ngati munthu: "Ndagona ndi njala, ndigawireniko chitsononkho".

Onani kuti m'mawu onsewa woseketsa ndi khoko, ntchentche kapena bini. Wogula sakunyozedwa. Ambiri amalakwitsa pomwepa, n'kulemba kuti "Wotaya zinyalala pano ndi galu", poganiza kuti ndi nthabwala. Kumeneko n'kutukwana, ndipo mukutukwana munthu amene wabwera ndi ndalama kudzakugulani. Mnyamata wamakani akawerenga zotere amataya dala pomwepo kuti aone amene amugwire. Pewaninso nthabwala zokhudza mtundu wa anthu, chipembedzo, chipani, kapena maonekedwe a amayi. Njira yoyesera ndi yosavuta. Werengani mawuwo mokweza pamaso pa mayi wamkulu kwambiri pamzere wanu, kenako pamaso pa anyamata onyamula katundu. Onse akaseka, lembani. Mayi aja akangoti "ii, ana inu", asiyeni mawuwo.

Za kuvota zija zingatheke kwathu kuno, ndipo aliyense aganiza msanga za Maule ndi Manoma. Koma pali msampha. Mukalemba dzina la timu pa bini n'kunena kuti okonda timuyi aponye muno, wochemerera weniweni akufunsani kuti mukuti timu yake ndi zinyalala? Litembenuzeni funsolo. Lembani kuti "Aluze ndani Loweruka?" kuti munthu aponye chitsononkho kwa mdani wake. Pamenepo mudzaona wina akutola ndi za anzake zomwe kuti mbali inayo idzaze. Mabini awiriwa akhale a waya, ngati wa khola la nkhuku uja, kuti mulu uzioneka, chifukwa mpikisano wosaoneka sukoma. Ine ndikanalangiza kuti musawapake utoto wofiira ndi wabuluu, makamaka nyengo ya kampeni, poti mitundu imeneyi ili ndi eni ake ena. Maina okha akwana. Ndipo ngati pamzere panu mpira umayambitsa ndewu, sankhani funso lozizira, monga lakuti chokoma n'chiyani pakati pa chambo ndi nkhuku yachikuda.

Tibwere ku zipangizo. Mgolo wa malita 200 mukaudula pakati mumapeza mabini awiri. Musausiye wathunthu, chifukwa zinyalala zonyowa zimalemera, ndipo theka lokhalo likadzaza limayandikira kulemera kwa thumba la chimanga, loti anthu awiri anyamule. Wowotcherera aikepo zogwirira ziwiri. Boolani pansi kuti madzi a mvula asadikhemo, ndipo boolaninso m'mbali. Mabowo a m'mbaliwa ndi mlonda wanu, poti mgolo wosasunga madzi wakuba saufuna kwenikweni, ngakhale tcheni ndi loko sizingalakwike chifukwa ogula zitsulo zakale alipo. Mawu alembedwe ndi penti ya mafuta, zilembo zakuda pa malo oyera kapena achikasu. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wawo, woti chilembo chotalika masentimita awiri ndi theka chimawerengeka bwino pa mamita atatu. Choncho ngati mukufuna kuti munthu awerenge ali mapazi khumi kutali, zilembo zikhale zotalika ngati chala chanu chamkombaphala kapena kuposerapo. Chikwangwani chikhale pamwamba pa ndodo, chofika pamutu wa munthu, chifukwa mumsika wodzaza mawu olembedwa pamimba pa mgolo amabisika ndi miyendo. Ndipo musanakhome chilichonse, kambiranani ndi mkulu wa msika ndi komiti, poti malowo ndi a khonsolo.

Chimene chimapha kampeni zotere kawirikawiri si mawu oipa koma bini yosefukira. Nthabwala ikagwira, bini imadzaza msanga kuposa mmene mumaganizira. Ikasefukira, wotsatira amaika chake pambali, winanso pambali pa icho, ndipo pofika madzulo mwapanga dzala latsopano lokhala ndi chikwangwani choseketsa pamwamba. Anthu amataya mosavuta pamalo pamene pali kale zinyalala. Ndiye gwirizanani tsiku loyamba lomwelo kuti ndani akhuthula, nthawi yanji, ndipo akukakhuthula kuti. Pamzere wathu wa mabenchi khumi ndi awiri, mabenchi awiri patsiku akukwanira masiku asanu ndi limodzi, kamodzi masana kamodzi poweruka. Ena amakonda kusonkherana kangachepe n'kupatsa mnyamata wa wilibala. Zonse zili bwino, malinga dzina la wantchito wa tsikulo likudziwika. Ngati chibini chachikulu cha khonsolo chakhala masabata osachotsedwa, yambani mwapita kukadandaula monga komiti, matikiti anu ali m'manja, musanaitane anthu kuti azitaya m'mabini anu.

Mudzadziwa bwanji kuti zikuthandiza? Maso amanama, makamaka kwa amene anasonkha ndalama ya penti. Sankhani kachigawo ka njira ka mapazi makumi awiri, ndipo muziwerenga zinyalala zonse zili pansi nthawi yofanana, tinene 4 koloko madzulo osesa asanadutse. Chitani zimenezi masiku atatu musanaike zikwangwani, limodzi mwa masikuwo likhale Loweruka, n'kulemba m'kope la ngongole lija. Bwerezani pakatha sabata imodzi, kenako pakatha mwezi. Mwachitsanzo, ngati poyamba munkapeza zidutswa 90, sabata yoyamba mwapeza 40, koma pakutha pa mwezi zabwerera pa 75 pamene mabini akukhuthulidwa bwinobwino, ndiye kuti nthabwala yasukuluka. Anthu aiwerenga kokwanira ndipo yasanduka khoma lija la "mwa lamulo". Ngati chiwerengero sichinatsike n'komwe kuyambira pachiyambi, musathamangire kusintha mawu. Sunthani kaye bini, chifukwa nthawi zambiri imakhala kuti yaima pamalo olakwika.

Poti nthabwala imakalamba, musalembe mawu onse abwino tsiku limodzi. Pangani matabwa anayi kapena asanu oti muzikoleka ndi kuchotsa, muzisinthanitsa pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo muzitsata nyengo. Miyezi ya mango ikafika, cha mu Novembala ndi Disembala, makoko ndi nthangala zake ndiye zimadzaza pansi, ndipo mawu a nthochi aja apume kaye. Mawu atsopano musavutike nawo nokha. Anyamata a kabaza ndi amayi a pamzere amapeka zoseketsa tsiku lonse osalipidwa. Lengezani kuti amene mawu ake asankhidwe mwezi uno atenga mulu wa tomato ndi kabichi mmodzi, ndipo muuzeni wolemba zikwangwani asiye penti yotsala pamzere pomwepo.