Chenjezo pa Kanema: Uthenga Wabodza wa Ndalama Zosochera pa Foni

Kanema wamfupiyu akuchenjeza anthu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande ndi Chintheche mpaka ku Usisya, za njira imene akuba amagwiritsa ntchito pobera anthu pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Sewero lake likuchitikira padoko la Kande, pomwe mayi wogula usipa akuyanika nsomba pathandala limodzi ndi mwana wake wamkazi.

Foni ikulira. Walowa uthenga wonena kuti mayiyo walandira K85,000. Posakhalitsa munthu wosadziwika akuyimba.

WOYIMBA: Pepani amayi, ndalakwitsa nambala. Ndalamazo n'zogulira mankhwala a mwana wanga. Chonde bwezani msanga.

MAYI: Pepani bambo, ndikubwezerani pompano.

MWANA: Dikirani kaye amama. Uthengawu wachokera kwa ndani?

MAYI: Pakuoneka nambala ya foni wamba.

MWANA: Nanga m'mawa munali ndi zingati?

MAYI: K120,000 ya usipa wa dzulo.

Mayiyo akuyimba *211# kuti aone ndalama zotsala. Zikadali K120,000, osati K205,000. Akadatumiza, akadatsala ndi K35,000, osawerengera ndalama yolipira potumiza, pomwe sadalandire ngakhale tambala.

Apa wofotokoza akulongosola kuti wakubayo sanatumize kanthu. Iye anangolemba yekha uthenga wofanana ndi wa kampani n'kuutumiza ngati meseji wamba. Nkhani ya mwana wodwala ndi yongofuna kuti munthu agwidwe chisoni, afulumire, asapeze mpata wofunsa mnzake.

Chizindikiro choyamba ndi wotumiza: uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, osati nambala ya munthu. Koma chizindikirochi pachokha sichikwanira, chifukwa wakuba akabwereka foni kwa kanthawi, monga ya ejenti, angathe kusungamo nambala yake pansi pa dzina la kampani. Umboni wodalirika ndi ndalama zotsala mu akaunti, zimene munthu amadzionera yekha pa *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba. Netiweki ikavuta, ndi bwino kudikira kusiyana ndi kutumiza mongokhulupirira.

Zimachitikadi kuti munthu walakwitsa nambala ndipo ndalama zalowa. Zikatero, wotumizayo ndiye ayenera kudandaula kukampani kuti ibweze ndalamazo mwa dongosolo lake. Ndipo woyimba aliyense wofunsa nambala yachinsinsi, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa kukampani, ndi wakuba.

Amene waberedwa kale asafufute uthengawo. Adziwitse kampani yake nthawi yomweyo, ndalama zisanatapidwe kwa ejenti, kenako akanene kupolisi ali ndi nambala ya woyimbayo, nthawi yomwe anatumiza komanso nambala ya malipiro yomwe ili mu uthenga wotsimikizira.