Ndani alowe pa Cc, nanga Bcc imathandiza liti?

Mu Seputembala 2015, chipatala cha 56 Dean Street mumzinda wa London chinatumiza imelo kwa anthu amene analembetsa kuti azilandira nkhani za thandizo la HIV pachipatalapo. M'kalatamo munalibe chinsinsi cha wodwala aliyense. Chinalakwika n'chimodzi basi: wotumizayo anaika maadiresi onse 781 pamzere wa To m'malo mwa mzere wa Bcc, kotero aliyense wolandira anaona mndandanda wonse wa anzake. Maadiresi 730 mwa amenewa anali ndi mayina enieni a eni ake. Chaka chotsatira, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ku Britain, ya Information Commissioner, inalipiritsa bungwe loyendetsa chipatalacho mapaundi 180,000. Ndalama zinaperekedwa, koma dzina limene mnansi wako waliona kale pamndandanda wotere silifufutika m'mutu mwake.

Ambirife timalemba imelo tikuganiza za mawu a m'kati, pomwe timizere titatu ta pamwamba timangodzaza mothamanga. Chikhalirecho ndi pa timizere timeneti pamene anthu a m'maofesi amakhumudwitsana kwambiri.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Amene ali pa To ndi pa Cc amaonana onse, ndipo wina akadina Reply All yankho limafika kwa onsewo. Amene ali pa Bcc amalandira kalata yomweyo, amaona mayina a pa To ndi pa Cc, koma iwowo samuona. Mayankho otsatira samufikanso, chifukwa adiresi yake sili pa kalata imene enawo analandira. Amene anagwirapo ntchito m'boma amaudziwa mwambo wa Cc kuyambira masiku a taipi ndi pepala la kaboni, pamene mlembi ankandandalika m'munsi mwa kalata maofesi onse olandira kope. Mndandandawo unkalembedwa poyera dala, kuti mwini kalata adziwe amene akumvetsera nawo. Mpaka lero ntchito ya Cc ndi yomweyo: kuuza wolandira kuti "zimene ndikukuuzanizi, uje ndi uje akuzimvanso."

Tsono munthu wa pa To ndi amene mukufuna kuti achitepo kanthu: ayankhe, asayine, alipire, abwere. Wa pa Cc safunika kuchita kalikonse lero, koma ntchito yake ingasokonekere mawa akapanda kudziwa. Mukaika anthu asanu pa To n'kulemba kuti "chonde tumizani lipoti," aliyense amaganiza kuti mnzake atumiza, ndipo lipotilo silibwera. Ikani mmodzi pa To, mumutchule dzina m'kalatamo, enawo atsikire pa Cc ngati akufunikadi.

Tiyerekeze nkhani yodziwika m'mabungwe ambiri. Mayi wa ku ofesi ya zachuma akudikira malisiti kuchokera kwa bambo wina amene anapita kumudzi kukachititsa maphunziro. Sabata yatha, malisiti sanabwere, ndipo mabuku a mwezi ayenera kutsekedwa Lachisanu. Mayiyo akulemba imelo yoyamba yokumbutsa. Kodi aike bwana wa bamboyo pa Cc?

Ine ndikuti ayi, osati pa kalata yoyamba. Mawu a m'kalatamo akhoza kukhala aulemu ndithu, "Bambo, ndimati ndikukumbutseni za malisiti aja," koma bamboyo akangoona dzina la bwana pamwamba, amva kuti wanenezedwa asanafunsidwe n'komwe. Mwina anali kudera kopanda netiweki, mwina malisiti anawasiya kwa dalaivala. M'malo mofotokoza zimenezi momasuka, ayamba kudziteteza, naye aika bwana wa mayiyo pa Cc, ndipo nkhani ya malisiti atatu yasanduka mlandu wa madipatimenti awiri. Choipa china n'chakuti kuyambira tsikulo bamboyo sadzamuuzanso mayiyo vuto lisanakule, poopa kuti chilichonse chimene anganene chikathera kwa akuluakulu.

Koma tinene kuti mayiyo walemba, waimbanso foni, Lachitatu lafika kuli zii. Apa bwana ali ndi chifukwa chenicheni chodziwira, pakuti mabuku akachedwa ndi iye amene akayankhe. Mayiyo amuike pa Cc, koma anene poyera m'chiganizo choyamba kuti, "Ndaikamo abwana pa Cc popeza tikutseka mabuku Lachisanu ndipo angafunike kusankha chochita malisitiwa akapanda kupezeka." Bamboyo sangakondwe, komabe waona amene waitanidwa ndiponso chifukwa chake. Muyeso wanga wa Cc ndi umenewu: ngati simungathe kulemba chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chimene munthu wina alili pamenepo, muchotseni. Kuika wamkulu aliyense pa Cc pongofuna kuoneka kuti mukugwira ntchito kumangodzaza bokosi lake, mpaka tsiku limene mudzatumize nkhani yofunikadi iye adzakhala atazolowera kusatsegula makalata anu.

Pali msampha wina umene ambiri sauona. Mukawonjezera munthu pa Cc nkhani ili pakati, amalandira pamodzi ndi zonse zimene zinalembedwa kale m'munsimo. Ngati masiku apitawo mnzanu anadandaulamo za kasitomala, kapena anatchulamo malipiro a munthu, watsopanoyo awerenga zonse. Musanawonjezere dzina, tsikani mpaka pansi muwerenge. Ngati muli zosayenera, yambani imelo yatsopano.

Tibwerere kwa mayi uja. Bwanji atasankha njira yachidule, kumuika bwana pa Bcc kuti bamboyo asakhumudwe? Apa ndi pamene ndimaumirira kwambiri. Bamboyo akuyankha akukhulupirira kuti akulankhula ndi munthu mmodzi, pomwe nkhani yake yafika kale pa tebulo la bwana. Ndipo chinsinsi chotere sichichedwa kuululika. Bwana akuwerenga pafoni ali pa msonkhano, sakuona kuti anaikidwa pa Bcc, akudina Reply All n'kulemba kuti, "Malisitiwa abwere mawa." Yankholo likupita kwa mayiyo ndi kwa onse a pa To ndi pa Cc. Bamboyo akuyang'ana kalata yoyamba ija, dzina la bwana palibe, ndipo sipafunika womuuza chimene chachitika. Ngakhale bwana asadine kalikonse, akhoza kungoitchula nkhaniyo pokumana pakhonde. Kuyambira pamenepo imelo iliyonse yochokera kwa mayiyo bamboyo aziiwerenga akudzifunsa kuti ndaninso akuiona. Naye bwana, ngati ndi woganiza, adzifunsa ngati mayiyo sachita zomwezo pa makalata amene amalembera iye.

Sindikunena kuti kudziwitsa wamkulu mwakachetechete n'kolakwa nthawi zonse. Wantchito amene akuzunzidwa kapena kuopsezedwa ali ndi ufulu wosunga umboni ndi kuuza oyenera popanda kupempha chilolezo kwa womuzunzayo. Koma ngakhale pamenepo Bcc si chida chabwino. Tumizani kalata yanu, kenako pitani mu Sent, dinani Forward, mutumize kwa amene mukufuna kumudziwitsa ndi mawu ofotokoza chimene mukupempha. Akayankha, yankho limabwera kwa inu nokha, ndipo amadziwa chifukwa chimene mwamutumizira m'malo mongoilandira kalata yopanda mutu wake.

Bcc ili ndi ntchito zake zabwino. Ina ndi yomasula munthu. Mnzanu wakulumikizani ndi kampani yosindikiza mabuku, ndipo zotsatira ndi za mitengo ndi masiku zimene iye sizimukhudza. Poyankha mumusamutsire pa Bcc n'kulemba kuti, "Zikomo achimwene potilumikiza, ndakuikani pa Bcc kuti tisakudzazireni bokosi." Iye waona kuti nkhani yayamba, mayankho otsatira samufika, ndipo palibe chobisika chifukwa mwanena pamaso pa onse.

Ntchito yake yaikulu ndi ija inalephereka ku London: kutumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri osadziwana. Sukulu yolembera makolo, mpingo woitana anthu ku msonkhano, kampani yoyankha amene anafunsira ntchito, onsewa alibe ufulu wogawa adiresi ya wina kwa mnzake. Taganizani munthu amene wafunsira ntchito mwakachetechete, n'kupeza kuti mnzake wa desiki loyandikana waona dzina lake pamndandanda. Pa kalata zotere ikani adiresi yanu yomwe pa To, ena onse pa Bcc. Mu Gmail mawu a Bcc amaoneka kumanja kwa mzere wa To. Mu Outlook ya pakompyuta mzerewu umayamba wabisika mpaka mutautsegula pa Options. Kusiyana kwake ndi nkhani ya mayi uja n'koonekeratu. Pano aliyense akudziwa kuti kalatayo yapita kwa anthu ambiri, ndipo chobisidwa ndi adiresi yake yomwe, pomuteteza. Kuja chobisidwa chinali munthu womvetsera, ndipo wobisiridwayo ndi amene nkhaniyo ikumukhudza.

Komabe Bcc imadalira dzanja la munthu mmodzi kuti lisaphonye mzere, ndipo dzanja limaphonya. Mu Seputembala 2021, asilikali a Taliban atangolanda Kabul, unduna wa zachitetezo wa Britain unatumiza imelo kwa anthu 245 a ku Afghanistan amene ankadikira kusamutsidwa chifukwa anagwirapo ntchito ndi dziko la Britain. Maadiresi onse anaonekera. Anthu awiri anayankha kwa gulu lonse, mmodzi mpaka anatchula kumene anali. Undunawo unalipiritsidwa mapaundi 350,000, ndipo apa chimene chinali pachiswe ndi miyoyo ya anthu. Kubweza imelo yotere n'kovuta: Gmail imakupatsani masekondi osapitirira 30 oti mudine Undo, ndipo njira ya Outlook yoitanitsa kalata imagwira ntchito makamaka pakati pa anthu a bungwe limodzi, osati kwa anthu akunja.

N'chifukwa chake ngati kungopezeka pamndandanda kukuulula kanthu za munthu, monga matenda, ngongole, mlandu kapena kuti anachitiridwa nkhanza, ngakhale Bcc siyokwanira. Aliyense alandire imelo yakeyake. Pulogalamu ya Word pamodzi ndi Outlook ili ndi Mail Merge, imene imatenga mayina pa mndandanda n'kutumiza kalata imodziimodzi, mwakuti palibe mzere umene maadiresi onse angaunjikanepo. Anthu akakhala khumi kapena makumi awiri, kutumiza pamanja mmodzimmodzi sikutha ngakhale ola. Kuno ku Malawi nakonso, kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira.

Inu alembi a zipatala, masukulu, mipingo ndi mabungwe amene mumasunga maadiresi a anthu ena, musanatumize kalata ya gulu itanani mnzanu ayang'ane mizere itatu ya pamwambayo, ndipo mndandanda wa odwala kapena wa angongole musauike pa imelo imodzi ngakhale pa Bcc.