Limu likalumidwa m'mlomo, tayala limafera m'njira

Pamalo osinthira matayala, ntchito imaoneka ngati yatha pomwe jeke watsitsidwa ndipo mwini galimoto wapereka ndalama. Ambiri amangomenya tayala ndi nsapato, n'kukwera, ulendo. Komatu mphindi imeneyo ndi yomwe munthu ayenera kugwada ndi kuyang'ana mlomo wa limu, chifukwa ndi pokhapo pamene chilema chatsopano chingasiyanitsidwe ndi chakale, komanso pamene kuchikonza sikunadule. Matayala a masiku ano ambiri alibe chubu. Mpweya umasungika chifukwa mkombero wa tayala, womwe uli ndi mawaya achitsulo mkati, umakhala mothina pa kampando kosalala ka m'mphepete mwa limu, ndipo mlomo wa limu umautchinga kuti usatumphuke. Palibe guluu, palibe chomangira china. Labala ndi chitsulo zimangopsompsonana kuzungulira limu lonse, kutsogolo ndi kuseri komwe. Pakapezeka kamzere kokumbika kapena kopindika pampando umenewo, mpweya wapeza njira.

Makina osinthira matayala amagwira limu malo atatu, ndipo paliponse angasiye chipsera chake. Poyamba pali chikhasu chokankha tayala kuti lisiyane ndi limu. Chikaikidwa pafupi kwambiri, chimaluma mlomo m'malo mokankha labala, ndipo pa galimoto zomwe zili ndi kachipangizo koyeza mpweya kuseri kwa vavu, chimatha kukaphwanya. Kenako limu limagonekedwa patebulo lozungulira n'kugwiridwa ndi zibwano zinayi; zikakhala zachitsulo chosavala pulasitiki, zimasiya mano ake. Pomaliza pali mutu wachitsulo womwe umatsogolera mkombero wa tayala pamene tebulo likuzungulira. Mutuwo suyenera kukhudza limu. Umakhomedwa pa mpata wa mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Koma mkono wa makina ukakhala wogwedera chifukwa cha kukalamba, kapena tayala likakhala louma losapakidwa mankhwala oterera, kapena mbali ina ya mkombero isanatsikire m'ngalande ya pakati pa limu, mphamvu imakula, mutu umatsamira, ndipo umapala mlomo kuzungulira ngati mpeni wosendera mbatata. Vutoli limakula pa matayala afupi m'mbali. Tayala lolembedwa 195/65 R15 lili ndi khoma lotalika mamilimita pafupifupi 127, pamene la 215/45 R17 lili ndi 97 okha, ndipo khoma lalifupi ndi louma, silimvera msanga.

Chipsera cha makina ndi cha kakhoma ka simenti ka m'mbali mwa msewu sizifanana, ndipo munthu wamba angathe kuzisiyanitsa. Kuno timayenda kumanzere, choncho malimu akumanzere ndi omwe amakhula simenti poimika galimoto m'tauni. Chilonda chake chimakhala chokhakhala ngati chodyedwa ndi tupa, cha malo amodzi, ndipo kawirikawiri khoma la tayala pamalo omwewo limakhala lokalika. Cha makina chimakhala kamzere kowongoka, kowala, kotsata mlomo mtunda wautali, kapena kabala kamodzi kakuya pomwe chitsulo chokanulira chinatsamira, pamene labala pambali pake ndi latsopano lopanda banga. Aluminiyamu wongopalidwa kumene amanyezimira; pakapita masabata amazilala n'kudzaza fumbi la mabuleki. N'chifukwa chake mwini galimoto wobwerera patapita mwezi kukadandaula sapeza chogwira, ndipo naye makaniko wosalakwa alibe chodzitetezera.

Wina anena kuti zonsezi ndi za maonekedwe chabe, galimoto imayenda ndi limu lokalika. Pa zipsera zambiri za simenti zimenezi n'zoona: ngati zadya kunja kokha kwa mlomo, osafika pomwe tayala limakhala, zimangonyansa. Koma maso a munthu woima chilili sauza kuti chipsera chafika pati. Limu la aluminiyamu limakutidwa ndi penti ndi vanishi, ndipo chikopa chimenechi chikang'ambika, madzi amalowa pansi pake, chitsulo n'kuyamba kutuwa ndi kufufuma ngati ufa woyera. Kuwola kumeneku kumakwawa mpaka pampando wa tayala. Taganizani tayala lopopedwa mapaundi 32 pa geji, lomwe likutaya paundi imodzi patsiku kudzera pa kachilema kotere. Tayala labwino limataya paundi imodzi kapena ziwiri pamwezi wathunthu. Ili likhala pa 25 pakutha sabata, komabe poliyang'ana lioneka bwinobwino. Likanyamuka ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre pa M1 mwezi wa Okutobala, katundu ali tho, khoma lake limapindika mopitirira pa kuzungulira kulikonse, limatentha, ndipo zigawo za mkati mwake zimayamba kulekana. Likaphulika anthu adzati tayala linali labodza, osadziwa kuti nkhani inayambira pamlomo wa limu.

Palinso kusiyana kwa zitsulo komwe madalaivala ambiri sakulabadira. Limu lachitsulo wamba likagunda simenti kapena dzenje limapindika, ndipo nthawi zambiri limawongoleka. La aluminiyamu woumbidwa m'chikombole limapindika pang'ono kenako n'kung'aluka, ndipo mng'alu umakonda mlomo wakuseri, woyang'ana mkati mwa galimoto, womwe suoneka tayala likamangidwa. Kulimenya ndi nyundo kuti liwongoke kumangotalikitsa mng'aluwo. Apa ndi pomwe ndikuona kuti kusintha tayala ndi mwayi wosafunika kuutaya, pakuti ndi nthawi yokhayo yomwe limu limakhala lovula. Tayala latsopano lisanalowe, makaniko apukute mpando mbali zonse ziwiri, ayendetsepo chala, ndipo mwini galimoto aone ndi maso ake. Limu long'aluka pafupi ndi maenje a manati kapena pa miyendo yake si lowotcherera, n'lotaya.

Ena amadalira makina a balansi, kuti akawerenga ziro ndiye kuti zonse zili bwino. Ayi. Makinawo amayeza kagawidwe ka kulemera, ndipo limu lopindika lingathe kuwerenga ziro litamatidwa timiyala tokwanira, koma n'kumanjenjemeretsabe chiwongolero pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Chofunika n'kuyang'ana mlomo pamene tayala likuzungulira pang'onopang'ono: ukamavina uku ndi uku, limu lapindika. Kuyeza kwina kulibe mtengo. Pakhoma la tayala pafupi ndi mlomo pali kamzere kozungulira. Kayenera kutalikirana ndi limu mofanana ponseponse, ndipo kakamira mbali ina ndiye kuti mkombero sunakhale. Pamenepo tayala liphwetsedwe, lipakidwe zoterera, liyambirenso, osati kulikakamiza ndi mpweya; malangizo a opanga matayala ambiri saloleza kupitirira mapaundi 40 pokhazika mkombero, chifukwa ukhoza kuduka n'kuvulaza wopopa. Kenako madzi a sopo athiridwe kuzungulira mlomo, mbali zonse ziwiri, ndi pa vavu. Pomwe mpweya ukuthawa pamamera thovu laling'onoling'ono lomwe limawunjikana pang'onopang'ono, choncho pamafunika kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri.

Chotsalira ndi manyazi. Ambiri amaopa kuti kuyang'ana ntchito pamaso pa mmisiri n'kumunyoza. Koma mmisiri wodziwa ntchito ndi amene amapindula kwambiri, chifukwa akazungulira galimoto ndi mwini wake asanamasule nati ndi imodzi yomwe, n'kuloza zipsera zakale, palibe amene adzamunamizire. Inu eni galimoto, jambulani malimu anu ndi foni musanapereke makiyi, pemphani madzi a sopo tayala lisanamangidwe, ndipo patapita masiku awiri yezaninso mpweya m'mawa matayala ali ozizira. Geji ikatsika ndi mapaundi awiri, bwererani tsiku lomwelo.